Maileji a Pikapu ya Kalisto

A Januario anali osoka mipando ya galimoto. Ndikatero anthu amaganiza za telala wapakhonde, koma si choncho ayi. Shedi yawo inali ku Chirimba, kuseri kwa anyamata owotcherera mageti, ndipo mkati mwake munkanunkha guluu, siponji yakale ndi thukuta la madalaivala a Blantyre yense. Kugona ankagona kwathu kuno ku Chilomoni. Nyumba yawo ndi yanga zinangosiyana ndi mpanda wa bango, choncho zambiri zimene ndikunenazi ndinaziona ndekha, zina ndinazimvera pampanda pomwepo. Dzina langa ndine Regina, ndipo zaka zimenezo ndinkagulitsa makala m'mbali mwa msewu.

Kwawo kunali ku Tengani, ku Nsanje, ngati inenso. Anabwera m'tauni ali mnyamata, nalowa ntchito pa fakitale ina ya masofa ku Makata, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira singano yokhota ndi makina. Fakitaleyo itayamba kuchepetsa anthu, iwo sanadikire kuti awatchule dzina. Anagula makina akale opalasa ndi phazi, nakabwereka malo ku Chirimba. M'mawa uliwonse ankatsetsereka wapansi, chipewa pamutu, kolona m'thumba, osayima kucheza ndi munthu. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo kunena zoona anali wouma mutu. Akazi awo, mai Bernadeta, ankati kukangana ndi a Januario kuli ngati kukangana ndi mtondo.

Panali chizolowezi chimodzi chimene onse a ku Chirimba ankawaseka nacho. Akasoka mpando, chikuto chakale chija sankataya. Ankachipinda, n'kuika m'saka pamodzi ndi siponji yophwanyika ndi masipuling'i oduka, n'kumanga pakamwa, n'kupereka kwa mwini galimoto. Mwiniwake akakana, ankalipachika kudenga la shedi mpaka adzabwere. Masakawo ankalendewera mumzere pamwamba pa mutu wawo, ena kwa zaka.

"Za chiyani zinyalala zimenezi, madala?" ankawafunsa madalaivala.

"N'zanu," ankayankha. "Ine ndasoka chatsopano. Chakalecho munachidya ndinu ndi msana wanu."

Ankati mpando umadziwa ulendo wonse umene galimoto yayenda. Dalaivala akamakwera amatsetsereka ndi ntchafu mbali ya kuchitseko, ndiye mbali imeneyo ndi imene imayamba kufa. Nsalu imasalala, kenako imang'ambika, siponji imasanduka ufa, pomaliza masipuling'i amaduka. Zimenezi sizichitika chaka chimodzi. Iwo akangofukula mpando ankatha kunena ngati galimoto yangoyendako pang'ono kapena yatha dziko.

Mwa ana amene mai Bernadeta anabereka, wamwamuna amene anakula anali mmodzi, Kalisto. Ena awiri tinawaika ali makanda. Kalisto ndinamuona akukwawa, ndinamuona akutumikira pa Misa, ndinamuonanso akukwatira. Anali mwana wansangala, wapakamwa potsekemera, wosiyana kutalitali ndi bambo ake, komabe ankagwirizana modabwitsa. Lamulungu masana unkawapeza pakhonde akusewera bawo, wina akulongolola, wina ali duu. A Januario sankanena kuti amamukonda, koma mnyamatayo akachedwa kubwera ankayima pageti ngati akuyang'ana nyengo.

Matipate atabwera, zinthu zambiri zinamasuka, ndipo magalimoto akale anadzaza m'tauni. Ena ankachokera ku Joni, ena ku Dubai, ena ankangozungulira mommuno kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Nthawi yomweyo makampani ankatseka. Kalisto, amene anali wa m'sitolo ya zipangizo pa kampani ina ku Makata, anachotsedwa ntchito mkazi wake ali woyembekezera. Anayamba kuyenda ndi anyamata ogula ndi kugulitsa magalimoto, ndipo mu 1996 anapeza yakeyake yoyamba, pikapu yoyera ya dizilo imene inachokera ku esiteti ina ya tiyi.

Tsopano ndinene za ife. Anthu a kumunsi kuno tili ndi khalidwe lathu, munthu akamwalira m'tauni timamutengera kwawo. Kumuika ku manda a m'tauni timakuona ngati kumutaya. Kale makampani ankapereka lole wantchito akafa, koma makampaniwo ndi amene ankatsekawa, ndipo zaka zimenezo maliro anachuluka moti nyimbo za pasiwa ana ankaziimba posewera. Mchimwene wanga atamwalira tinasowa galimoto mpaka thupi linayamba kusintha. Tinamukweza pa lole ya simenti yopita ku Nchalo, bokosi pamwamba pa matumba, ife titaligwirira ndi manja potsetsereka ku Thabwa. Mpaka lero ndikamva fungo la simenti mtima umandiwawa.

Choncho ife a m'limana lathu la ku tchalitchi, limene ambiri tinali ochokera ku Nsanje ndi ku Chikwawa, tinagwirizana zosonkherana kuti tigule galimoto ya maliro. Tinasonkha nthawi yaitali. Wapampando wathu anali a Venansio, mlonda wopuma ntchito, munthu wofatsa. Kalisto atamva kuti tikufuna galimoto anabwera yekha kudzanena kuti ali nayo, yoyenda pang'ono, ndipo ife tinaona ngati Mulungu wayankha. Mwana wathu yemwe, wobatizidwa pamaso pathu, akanatinamiza bwanji?

Chimene sitinkadziwa n'chakuti masabata angapo m'mbuyomo Kalisto anali atapita ku Chirimba ndi mpando wa pikapu pa wilibala. Anauza bambo ake kuti ndi wa bwana wina wa ku Namiwawa amene akufuna ntchito yachangu. A Januario anaufukula, napeza mbali ya dalaivala itatheratu, siponji ili ufa, sipuling'i imodzi itamangidwa ndi waya wa mpanda. Anaika siponji yatsopano, nasoka chikuto chotuwa ndi misoko iwiri yoyendera limodzi monga ankachitira nthawi zonse. Kalisto anadzatenga mpando, koma saka analisiya. Bambo ake analipachika kudenga kudikira bwana wa ku Namiwawa.

Loweruka lina masana pikapu inabwera pabwalo la a Venansio kuti tiione. Inali yotsukidwa bwino, matayala opakidwa polishi, ndipo azimayi tinayimba nthungululu isanazime n'komwe. Tinali titaitana Feston, makanika wa ku Ndirande, mkamwini wa mmodzi wa ife. Anatsegula boneti, namvetsera injini, nayang'ana utsi, nagwada kusuzumira pansi. Anati injini ikumveka bwino. Kenako anasuzumira pa wotchi ya maileji, imene imawerenga makilomita onse amene galimoto yayenda chibadwire.

"Sikisite thuu sauzande," anatero Feston. "Ngati ndi choncho ikadali mwana iyi. Lamba wa taimingi amasinthidwa pa handiredi sauzande iliyonse, ndiye muli ndi nthawi. Koma musadzaiwale, chifukwa lamba ameneyo akaduka injini ikuyenda, mavavu amapindika, galimoto imafera pomwepo."

A Januario anafika mochedwa, akuchokera ku shedi. Sanabwere kudzayesa galimoto, anangobwera ngati mkulu wa m'limana komanso bambo wonyadira mwana wake. A Venansio anawatsegulira chitseko mwanthabwala.

"Kwerani, bambo a Kalisto, mutiuze ngati mpando wake ndi wabwino. Pamenepo ndiye palibe angakutsutseni."

Tonse tinaseka. A Januario anagwira chitseko, ndipo ndinaona kuti anachinyamula pang'ono m'mwamba n'kuchisiya, chinagwa ngati phewa la munthu wotopa. Anakhala pampando. Dzanja lawo linatsikira pambali, chala chinayenda pa misoko iwiri ija, ndipo nkhope yawo inasintha. Ine ndinali nditayima pafupi ndi chitseko, ndinaona zonse.

Anawerama n'kuyang'ana zopondera. Malabala a kilatchi ndi a buleki anali atsopano, mizere yake yakuthwa, ngati achokera m'sitolo dzulo. Anakweza kapeti wa pansi, amenenso anali watsopano, ndipo pansi pake, pamene chidendene cha dalaivala chimatsamira, labala wakale anali atabooka mpaka chitsulo chinkawala. Anapisa chala pansi pa chikuto chimene chinakulungidwa pa chiwongolero, napeza chiwongolerocho chili see, ngati mpini wa khasu lakale. Anazula kiyi n'kuiyang'ana, mano ake anali atafafanizika. Pomaliza anavala magalasi awo osokera, nayandikitsa nkhope pa wotchi ija, nakhala nthawi yaitali.

Nanenso ndinasuzumira, chidwi chinandipweteka kuyambira ndili mwana. Manambala anali 062 ndi ena otsatira, onse atafola bwino pamzere, kupatula ziro wa kutsogoloyo. Iye anali atakwera m'mwamba pang'ono ngati dzino lomera panja. Mkati mwa galasi, mbali imene dzanja silingafike popanda kumasula, munali chidindo cha chala. Timasikuluwu togwira wotchiyo mitu yake inali yokalikakalika. Pa nthawiyo sindinadziwe tanthauzo la zimenezi.

"Nanga mpandowo?" anafunsa a Venansio.

"Mpandowu ndi wosokedwa bwino," anatero a Januario, natsika, nauyamba wa kunyumba.

Tinagwirizana kuti mawa lake tikaweruka ku tchalitchi tidzamalize zonse. Dzuwa lisanalowe ndinali kuseri kwa nyumba yanga ndikupakira makala, ndipo ndinamva mawu kuseri kwa mpanda. Sindinachoke, ndipo sindinamizira kuti ndinachoka.

"Bwana wa ku Namiwawa uja ndiwe," anatero a Januario.

"Baba, mpando unali wong'ambika, ndinangofuna kuti iwoneke bwino. Kusoka mpando ndi tchimo?"

"Kusoka si tchimo. Pamene pali ziro paja panali chiyani?"

Kenako Kalisto anayankha motsitsa mawu. "Panali thuu."

"Thuu handiredi sikisite thuu. Ndiye iwe wachotsa maulendo onsewo ndi sikuludiraiva."

"Aliyense akuchita zimenezi, baba. Pitani mukaone ku Ginnery Corner, palibe galimoto imene ikunena zoona. Ine ndangotembenuza kagudumu kamodzi. Injini ndi yabwino, Feston wanena yekha."

"Feston wanenanso za lamba. Lamba ameneyo anasinthidwa liti?"

"Sindikudziwa."

"Sukudziwa. Anthu awa adzadikira handiredi sauzande ya bodza, lamba adzaduka pa Thabwa, maliro ali kumbuyo, dzuwa la ku Chikwawa likuwomba. Adzakhala pabokosipo ndi amako."

"Ndidzawauza asinthe msanga, ndidzapeza chonamizira. Baba, mpongozi wanu watsala pang'ono kuchira. Galimotoyi ikapanda kugulidwa ndigwira mtengo wanji? Mukangokhala chete mawa, basi. Sindikukupemphani kuti muname."

"Wandinamitsa kale ndi singano yanga," anatero a Januario. "Mawa uyambe ndiwe kulankhula. Ukanena wekha, adzakwiya, koma adzakhululuka, ndipo mwina adzaigula pa mtengo wa nkhalamba. Ukapanda kunena, ndinena ine."

"Simungatero."

Ndinamva mai Bernadeta akulira chapansipansi m'khitchini.

Usiku umenewo ndinaganiza zambiri. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ndinali wotsimikiza kuti a Januario, ngakhale anali ouma mutu, sangaswe mkhate wawo womwe. Ndinadziuza kuti nkhaniyi ndi ya m'banja mwawo, idzathera momwemo. M'mawa sanaoneke pa Misa yoyamba. Pambuyo pake tinamva kuti anali atalawirira wapansi ku Chirimba, chinthu chimene sankachita Lamulungu.

Masana tinasonkhana kwa a Venansio. Tinapemphera, tinayimba nyimbo imodzi, pikapu itayima pakati pathu. A Januario anafika ali ndi jekete lawo la ku tchalitchi, saka lafumbi paphewa, nakhala kumapeto. A Venansio anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu tisanamalize. A Januario anayang'ana mwana wawo. Kalisto anayang'ana nsapato zake. A Januario anamudikira ndithu, mpaka anthu anayamba kutsokomola, koma mnyamatayo pakamwa anatseka.

Pamenepo a Januario anaimirira, nayenda mpaka pamene panali Kalisto, naika sakalo pamapazi pake.

"A Kalisto, munaiwala saka lanu ku shedi."

Chibadwire anali asanamutchulepo mwana wawo kuti a Kalisto. Anamasula chingwe okha, natulutsa chikuto chakale chija, nachitambasula pa boneti. Mbali ya dalaivala inali dzenje lokhalokha. Anaika pambali pake sipuling'i yomangidwa ndi waya.

"Abale," anatero, "mpando uwu ndi wa galimoto iyi. Ndinausoka ndine, osadziwa. Galimoto yoyenda sikisite thuu sauzande sidya mpando chonchi. Feston, kweza kapeti, uonenso ziro wa kutsogoloyo ndi masikuluwu ake."

Feston analowa, nakweza kapeti, nayang'anitsitsa wotchi. Anagogoda ndi chala pagalasi, ziro uja anagwedera yekha pamene anzake anali chilili. Anatuluka akupukusa mutu.

"Yatsegulidwapo iyi," anatero. "Manambala a ku fakitale amafola bwinobwino, wina akasunthidwa ndi dzanja sabwerera m'malo mwake. Malabala atsopanowa ndinawaona dzulo, ndinayenera kudabwa. Galimoto ya maileji ochepa chonchi sifuna malabala atsopano."

Panalibe amene anatukwana. Ndikanakonda wina akanatukwana. A Venansio anangovula chipewa n'kuchiika pabondo. Kalisto anayang'ana bambo ake, maso ali psuu.

"Mwakhuta, baba?" anatero. Anatola chikuto chija n'kuchibwezera m'saka, naponya sakalo m'galimoto, naliza injini, napita.

Ine ndinakwiya, ndipo amene ndinamukwiyira kwambiri sanali Kalisto ayi. Madzulo ake ndinawapeza a Januario pakhonde, bawo lili pambali pawo, ndipo ndinawalankhula zimene mkazi wa msinkhu wanga sayenera kulankhula kwa mkulu. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanapitire kwa a Venansio mwakachetechete, kuti galimoto ikanidwe popanda mwana kuvulidwa pagulu. Mpaka lero ndimaona kuti njira imeneyo inalipo.

"Ndinaganiza zimenezo, mai Regina," anandiyankha. "Ikanakanidwa mwakachetechete, mawa akanakaigulitsa kwa limana la ku Bangwe. Kumenekonso kuli maliro."

"Nanga mwana wanu?"

"Ndi mwana wanga," anatero, nayamba kutolera nkhomo za bawo n'kumaziika m'chitini.

Kalisto anasamuka sabata yomweyo, napita kukachita lendi ku Machinjiri. Nkhani inali itafala kale pakati pa anthu a kwathu, ndipo pikapuyo sanaigulitsenso. Tinkamva kuti akuyendetsa yekha, kunyamula njerwa, mchenga ndi matumba a chimanga. Mwana atabadwa, mai Bernadeta anapita okha kukamuona, ndipo pa ubatizo a Januario sanaitanidwe. Mai Bernadeta ankayenda pakati pa nyumba ziwirizi atanyamula moni amene palibe anawatuma. Akafika kuno ankati Kalisto akupereka moni, akafika uko ankati bambo ako akufunsa. Onse awiri ankadziwa kuti ndi bodza, koma ankalilandira.

Ife a m'limana tinadzagula galimoto ina patapita chaka, yakale yosabisa ukalamba wake, ndipo Feston anasintha lamba tsiku lomwelo. Inkavutavuta, koma anthu athu inkawafikitsa. A Januario anapitiriza kutsetsereka ku Chirimba m'mawa uliwonse. Anthu ankawalemekeza kuposa kale, ogula magalimoto ankabwera kudzawapempha kuti akakhale pampando asanagule, koma ulemu umenewo sunkawakondweretsa. Ankangowauza kuti ayang'ane ngati manambala afola, ngati masikuluwu akalika, ndiponso ngati chopondera, chiwongolero ndi mpando zikugwirizana ndi zimene wotchi ikunena. Akatero ankabwerera ku makina awo. Bawo lija linakhala kuseri kwa chitseko mpaka linadyedwa ndi chiswe. Komabe madzulo ndinkawaona atayima pageti, ndipo pikapu yoyera iliyonse ikamadutsa kumsewu ankatembenuza mutu.

Mu 1999, nyengo yozizira, anayamba kudandaula chifuwa. Anagonekedwa ku chipatala chachikulu, ndipo mai Bernadeta anatumiza uthenga ku Machinjiri. Kalisto anali atapita ku Mwanza ndi katundu wa anthu. Pamene uthenga unkamupeza, bambo ake anali atatisiya kale.

Anafika pasiwa m'mawa, tikukonza zonyamuka. Galimoto ya limana inali itayima kale pageti. Pikapu yoyera ija inadzayima pambuyo pake, itachita dzimbiri m'mbali, kumbuyo kwake kutatsukidwa ndi kuyalidwa mphasa yatsopano. Kalisto anali ataonda, tsitsi litayamba imvi asanakwane msinkhu wake. Anagwada pamaso pa a Venansio.

"Ndikupempha kuti bambo ndiwanyamule ine."

A Venansio anayang'ana mai Bernadeta, iwo anagwedeza mutu kuvomera. Feston, amene anali pomwepo, anafunsa funso limodzi lokha. "Lamba?"

"Ndinasintha. Kawiri tsopano," anatero Kalisto.

Bokosi tinalikweza pa pikapuyo. Amuna anakhala kumbuyo kuligwirira, ena onse anakwera ya limana, ndipo ine anandiika kutsogolo kuti ndiziwagwira mai Bernadeta. Ndinakhala pakati, pafupi ndi giya, pa mpando wotuwa uja. Misoko iwiri inali ikadali yolimba, koma mbali ya Kalisto inali itayambanso kusalala. Kuseri kwa mpando ndinaona nsonga ya saka.

Tinadutsa m'tauni, tinatenga msewu wa ku Chikwawa. Titayamba kutsetsereka ku Thabwa, Kalisto anaika giya yotsika, ndipo pansi patali chigwa chathu chinaonekera, Shire akunyezimira pakati pake. Kumbuyo amuna anayamba nyimbo. Ine maso anga anagwera pa wotchi ija.

Nambala ya kutsogolo sinali ziro, sinalinso wani. Inali fili, yopendekeka pang'ono, yokwera m'mwamba kuposa anzake. Ndinawerenga kawiri kuopa kuti misozi ikundinamiza.

"Kalisto," ndinatero, "maileji awa?"

Sanachotse maso pamsewu. "Ndi enieni, anti. Thuu uja ndinamubwezera, ndiye wayenda mpaka wafika pamenepo."

"Unamubwezera liti?"

"Lolemba lake. Litangotha Lamulungu lija."

Mai Bernadeta anadzutsa mutu paphewa panga. "Zaka zonsezi? Ine ndimabwera kwanu, iwe osandiuza? Bambo ako osawauza?"

"Ndikanawauza pakamwa sakanakhulupirira, mai. Mukuwadziwa. Ndimafuna tsiku lina adzakwere, avale magalasi awo aja, aone okha." Anaponda buleki pang'ono. "Ndinafikapo ku Chirimba kangapo. Ndimayima patali, ndimawaona akupalasa makina, kenako ndimabwerera."

Ndinafuna kumuuza za pageti paja, za mutu umene unkatembenukira pikapu yoyera iliyonse, koma ndinaona kuti ndikanena sitifika ku Tengani. Ndinangogwira dzanja la mai Bernadeta. Titafika pokhota pakulu, Kalisto anachepetsa liwiro kwambiri kuti bokosi lisasunthe, nasuzumira pagalasi loonera kumbuyo.

"Akwera lero," anatero.